Mawu a Mkulu wa Nthambi Yotumiza Katundu pa Msonkhano wa Ogwira Ntchito, Januwale 2025

Anzanga nonse, madalaivala, amakaniko, makalaliki a kunkhokwe ndi inu amene mumakweza ndi kutsitsa katundu kuno ku Kanengo, zikomo pobwera m'mawa uno. Ndakuitanani kuti ndikufotokozereni mmene ntchito yayendera kuyambira Okutobala mpaka Disembala 2024, ndipo ndinena zonse monga zilili, chifukwa sindifuna kuti nkhani zokhudza ntchito yanu muzizimvera pageti kapena m'minibasi.

Chimene chandisangalatsa kwambiri n'chakuti m'miyezi itatu yonseyi, magalimoto athu 14 ayenda mpaka ku Karonga, ku Mchinji ndi ku Nkhotakota popanda ngozi ngakhale imodzi, ndipo palibe amene wavulala kunkhokwe. Madalaivala, ndikudziwa kuti ena mwa inu munagona m'galimoto masiku awiri kapena atatu pa mizere ya dizilo, kenako n'kunyamuka ulendo wautali muli otopa, koma simunathamange kuti mubweze nthawi yotayika. Ndikukuthokozani ndi mtima wonse. Katundu wowonongeka pokweza watsikanso kuchoka pa makatoni 212 kufika pa 96, ndipo zatheka chifukwa cha maganizo amene anachokera kwa inu eni okweza katundu, akuti mafuta ophikira azikhala pansi, sopo pamwamba.

Koma cholinga chathu chachikulu sitinachikwaniritse. Tinalonjeza kuti pa maoda 100 alionse, 95 azifika kwa makasitomala pa tsiku lake, koma amene anafika pa nthawi ndi 78 okha. Zifukwa zina mukuzidziwa. Mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno, ndipo zipolowe zimene zinabuka ku Mozambiki pambuyo pa chisankho cha mu Okutobala zinachedwetsa katundu wodzera ku Beira ndi ku Nacala. Magalimoto athu atatu akhala ali m'galaja kuyambira Novembala podikira zipangizo zochokera kunja, zimene mtengo wake wakhala ukukwera chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komabe ndikanama nditanena kuti vuto lonse linachokera kunja. Kangapo konse galimoto inapita ku Mzuzu ili yosadzaza, ina n'kutsatira mawa lake pa msewu womwewo wa M1, chifukwa ndondomeko ya maulendo sinakonzedwe bwino, ndipo wosaina ndondomeko imeneyo ndine.

Pa nkhani ya ndalama za ovataimu za Novembala, zimene munalandira patapita milungu itatu, musaloze chala ofesi ya malipiro. Ine ndi amene ndinachedwa kutumiza mapepala, ndipo ndikupepesa, podziwa kuti inali nthawi yogula feteleza ndi mbewu, ndipo ena mwa inu munakalowa m'katapira chifukwa cha kuchedwa kumeneko. Kuyambira mwezi uno mapepala azichoka pa tebulo langa pasanafike pa 20.

Pali nkhani ziwiri zimene zikundilemera. Yoyamba, bonasi ya miyezi itatuyi sipakhala, chifukwa imaperekedwa nthambi ikafika pa 90, ndipo ife taperewera. Ndinakapempha akuluakulu kuti aganizire mavuto a dizilo, koma sanavomere. Yachiwiri, mwa anzathu 9 amene kontirakiti yawo ikutha pa 31 Januwale, kampani ipitiriza ndi anayi okha. Asanu enawo ndalankhula nawo kale aliyense payekha, alandira zonse zimene akuyenera kulandira pamodzi ndi kalata yowachitira umboni, ndipo ndikufuna kuti nonse mumve kuti palibe chimene analakwa. Kwa otsalanu, palibe ganizo lochotsa wina aliyense m'miyezi itatu ikubwerayi, ndipo zinthu zikasintha mudzayamba kumva kwa ine.

Powerengera katundu kumapeto kwa Disembala tinapezanso kuti makatoni 37 a mafuta ophikira sakuoneka. Kafukufuku ali mkati, ndipo ndikupempha kuti pasakhale kunong'onezana mayina, popeza mwina cholakwika chili m'mabuku. Amene akudziwapo kanthu abwere kwa ine, dzina lake silidzatchulidwa.

Tsopano tili m'dzinja, ndipo misewu yafumbi yopita m'misika ya kumidzi ivuta mpaka Malichi. Lolemba lililonse nthawi ya 7 koloko m'mawa ndizikhala pansi ndi madalaivala awiri ndi kalaliki wamkulu wa kunkhokwe kukonza maulendo a mlungu wonse, kuti galimoto isamachoke yosadzaza. Zipangizo za magalimoto awiri zikuyembekezeka pakati pa Febuluwale, pomwe yachitatu idikirabe. Sindikulonjeza kuti tifika pa 95 msanga, koma ndikukhulupirira kuti 88 tikhoza kufikapo pofika Malichi.

Tatsala ndi theka la ola tisanatsegule geti. Amene ali ndi funso kapena dandaulo, ngakhale lokhudza ineyo, aimirire alankhule.