Kwa azakhali a ku Zomba, pa tsiku lawo lobadwa

Zakhali mwadzuka bwanji kumeneko? Ndati ndikupezeni m'mamawa ena asanandipitirire, tsiku lobadwa labwino!! Za manambala musadere nkhawa, masamu ndinalephera pa MSCE inu nomwe ndinu mboni, ndiye sindingayambe kuwerengera lero.

Keke tayitanitsa kale, koma kandulo tiikapo imodzi yokha basi, enawo tisunge magetsi akathima, zinthu zadula izi.

Koma zakhali tandiuzeni chilungamo, zakazi zikumadutsa pakhomo panu kenako nkudzagogoda kwa ine eti? Chifukwa dzulo ndawerama kuti nditole K50 yomwe inagwa pansi bondo linalira ngati chitseko cha kubafa, ndinakhala kaye chowerama choncho kuganiza ngati K50yo ndi yofunikadi kapena ndingoisiya atole ana. Pamene inu mumachoka kumsika wapansi dengu pamutu, mtunda wonse uja, kufika kunyumba nkuyambanso kusesa. Ine masiku ano ndikadzuka pampando ndimayamba ndanena kuti "eee Ambuye", ndipo sabata yatha ndafunafuna foni nyumba yonse ndikuunikira ndi tochi ya foni yomweyo. Musawauze amayi.

Amalume akuti ndikuuzeni kuti imvi zawo zonse zija munawapatsa ndinu, akuti inu munakana kulandira zanu ndiye zinangowunjikana pamutu pawo. Ine ndangotumidwa.

Likulu la dziko analichotsa ku Zomba mu 1975 kubwera nalo kuno ku Lilongwe (ndinawerenga m'buku, sindikuti munalipo ayi) koma likulu la banja lathu silinasunthe mpaka lero, nkhani ikavuta tonse timakwerabe minibasi kubwera kwa inu. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, inu mtengo ukungokwera chaka ndi chaka, a banki abwere adzaphunzire.

Ndipo za kuchinkhoswe zija sindinaiwale. Munavina perekaniperekani kuyambira nyimbo yoyamba mpaka omangira zoimbira anatopa okha, ine nyimbo ziwiri zokha ndinakakhala pansi kumanamizira nsapato, kenako mayi wina akubwera kudzandifunsa kuti achemwali anu aja akhala pati. Ndinayankha bwinobwino koma mumtima zinandiwawa, mpaka pano sindikudziwa ngati amayamikira inu kapena amanyoza ine.

Mulungu akusungeni zakhali, akupatseni zaka zina zambirimbiri zoti tizingozibisa limodzi. Loweruka tikubwera ndi keke ija, mutikonzere mpunga ndi matemba a ku Chilwa aja mumathira tomato wambiri. Ine ndinyamuka m'mamawa kuti ndipeze mpando wakutsogolo, bondoli kumbuyo silingapirire mpaka ku Zomba, ndipo mankhwala opaka aja munati simuwagwiritsa ntchito mundisungire.