Gawo 14: Zopinga Zosapeweka ndi Udindo Wodziwitsana

Mgwirizano wopereka simenti, matani 600 pa mwezi kwa miyezi 12. Ndemanga ndi za loya wa Wogula kwa mkulu woona zogula katundu, ndipo zichotsedwe musanasayinirane.

14.1 Chopinga chosapeweka ndi chinthu chimene chalepheretsa mbali imodzi kuchita zimene inalonjeza mu mgwirizano uno, bola mbaliyo isonyeze zitatu izi: kuti inalibe mphamvu pa chinthucho, kuti pa tsiku losayinirana panalibe chifukwa choyembekezera kuti chichitika, ndiponso kuti panalibe njira yoyenera yochipewera kapena yochilambalala. Zotchulidwa pa 14.2 ndi 14.3 zidzatengedwa kuti zakwaniritsa mfundo ziwiri zoyambazo, koma yachitatu ifunikabe umboni.

14.2 Madzi osefukira ndi chopinga ngati amiza fakitale kapena nyumba yosungiramo katundu, kapena adula msewu, mlatho kapena njanji pakati pa Wogulitsa ndi malo omangapo a Wogula, popanda njira ina imene lole ya matani 30 ingadutse mosawonjezera makilomita oposa 150. Mvula ya nthawi zonse ndi matope a mumsewu si chopinga. Simenti yonyowa chifukwa matumba anaunjikidwa pansi opanda mathandala, kapena pansi pa denga lodontha, si chopinganso.

14.3 Sitiraka ndi chopinga ngati ndi ya ogwira ntchito a padoko, a panjanji, a pachipata cha dziko, kapena ya madalaivala a makampani ambiri pamodzi. Sitiraka ya antchito a Wogulitsa okha, kapena a kampani imodzi imene iye wailemba kuti inyamule katundu, siteteza Wogulitsa.

Ndemanga: Wogulitsa adzafuna kuti sitiraka iliyonse ilowe. Musalole. Mkangano wa malipiro a antchito ake ali nayo mphamvu youthetsa, ndipo si inu woulipirira.

14.4 Kukwera mtengo kwa mafuta, kusowa kwa ndalama ndi kuwonongeka kwa malole sizidzawerengedwa ngati chopinga. Katundu amene wafika kale alipiridwe pa nthawi yake, chopinga chilipo kapena ayi.

14.5 Mbali imene yakumana ndi chopinga idziwitse inzake motere:

(a) Pasanathe maola 48 kuchokera pamene yadziwa za chopingacho, kapena pamene inayenera kudziwa, itumize chidziwitso choyamba pa imelo yolembedwa pa Gawo 2. Chidziwitsochi chinene chimene chachitika, malo ake, tsiku limene chinayamba, ndi katundu amene sadzafika. Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi amawerengedwa m'maola 48 amenewa. Kuimba foni n'kololedwa ngati chenjezo chabe. Sikulowa m'malo mwa cholembedwa. Mawu a dalaivala kwa mlonda kapena kwa kapitawo wa pamalo omangapo si chidziwitso.

(b) Pasanathe masiku 5 chitumizireni choyambacho, itumize chidziwitso chatsatanetsatane, chosayinidwa ndi mkulu wa kampani. Chinene matani amene atsalira, masiku amene akuyembekezeka kudutsa, njira zina zimene zayesedwa ndi chifukwa chake zalephereka. Pakhale umboni: zithunzi zokhala ndi tsiku, chilengezo cha oyang'anira misewu kapena doko, kapena kalata ya bungwe la ogwira ntchito yolengeza sitiraka.

(c) Masiku 7 aliwonse, inene pamene zinthu zafika, ngakhale zitakhala kuti sizinasinthe.

(d) Pasanathe maola 24 chopinga chitatha, inene tsiku limene lole yoyamba idzanyamuke.

(e) Sitiraka ikalengezedwa isanayambe, kapena a zanyengo akachenjeza za madzi osefukira pa njira ya katundu, mbali imene yamva ichenjeze inzake pasanathe maola 48, osadikira kuti malole ayambe aima.

(f) Ngati madzi omwewo adula magetsi ndi intaneti, uthenga wa pafoni kapena kalata yopereka pamanja zikwanira, ndipo imelo itsatire pasanathe maola 24 zinthuzo zikabwerera.

14.6 Chidziwitso choyamba chikafika pa nthawi yake, mbali yokhudzidwa idzatetezedwa kuchokera pa tsiku limene chopinga chinayamba: sidzalipira chindapusa cha kuchedwa cha pa Gawo 9, ndipo masiku operekera katundu adzasunthidwa molingana ndi masiku a chopingacho. Chikachedwa, chitetezo chidzayamba pa tsiku limene chidziwitso chafika, ndipo masiku a m'mbuyo adzawerengedwa ngati kuchedwa wamba. Kuwonjezera apo, mbali yochedwayo idzabweza zimene inzake yataya chifukwa chosadziwa, monga malipiro a amisiri ndi a makina obwereka amene anangokhala kudikira simenti. Kulephera kutsatira (c) kawiri motsatizana kudzaimitsa chitetezo mpaka uthenga utafika.

Ndemanga: ndime yofunika kwambiri kwa inu ndi imeneyi. Mlatho ukakokoloka palibe amene amatsutsa kuti wakokoloka. Mkangano umakhala pa tsiku limene munauzidwa. Mukadziwa Lolemba, mumabweza makina ndi kupatsa amisiri ntchito ina. Mukadziwa Lachisanu, mwalipira sabata yonse pachabe. Mfundoyi si yachilendo. Pangano la Viyena la 1980 la malonda a katundu pakati pa mayiko, pa ndime 79, limati wolephera kupereka adziwitse mnzake pa nthawi yoyenera, apo ayi alipire zotayika chifukwa uthenga sunafike. Koma mawu oti nthawi yoyenera aliyense amawakokera kwake, n'chifukwa chake ndaika maola. Wogulitsa akapempha maola 72 mungathe kulolera. Akafuna kuchotsa zobweza zotayika, kanani. Kumbukiraninso kuti ndimeyi ikumanga inunso: madzi akatseka msewu wolowera pamalo anu, maola 48 ayamba kuwerengedwa kwa inu.

14.7 Pa nthawi ya chopinga, mbali yokhudzidwa ichite zonse zoyenera kuti katundu ayambenso kuyenda. Ngati Wogulitsa ali ndi simenti yochepa, aigawe kwa makasitomala ake onse molingana ndi maoda awo, osakondera amene akupereka mtengo wokwera. Chopinga chikapitirira masiku 10, Wogula angathe kugula kwina matani amene atsalira, ndipo matani amenewo adzachotsedwa pa chiwerengero cha mgwirizano popanda chindapusa. Wogula sakakamizidwa kulandira mtundu wina wa simenti wosiyana ndi wolembedwa pa Gawo 4.

14.8 Chopinga chikatha masiku 45 otsatizana, kapena masiku 75 onse pamodzi m'miyezi 12 ya mgwirizano, mbali iliyonse ingathetse mgwirizano popereka chidziwitso cholembedwa cha masiku 7. Ndalama zolipiriratu katundu amene sanafike zibwezedwe pasanathe masiku 14 mgwirizano utatha.

Ndemanga: ndime yachitsanzo ya bungwe la zamalonda la ICC ya 2020 imaika masiku 120. Ntchito yomanga singadikire miyezi inayi, choncho ndatsitsa.

14.9 Chidziwitso cha pa imelo chidzatengedwa kuti chafika pa ola limene chatumizidwa, pokhapokha ngati chabwerera kwa wotumiza. Mbali yolandira iyankhe pasanathe masiku 3 kuti yalandira, ndipo ngati ikutsutsa kuti chimene chachitikacho ndi chopinga, inene zifukwa zake pasanathe masiku 7. Kusayankha sikutanthauza kuvomereza, ndipo kusagwirizana kulikonse kudzathetsedwa motsatira Gawo 17.