Zikomo Chifukwa cha Macheza a Lachisanu ku Zomba

Wokondedwa Mayi,

Ndikuthokoza kwambiri chifukwa cha nthawi yomwe munandipatsa pa chionetsero cha ntchito ku Yunivesite ya Malawi, ngakhale mzere wa ophunzira unali wautali.

Sindikuiwala zomwe munandiuza, kuti mutangoyamba ntchito munatha miyezi itatu m'midzi ya ku Mchinji mukuphunzitsa alimi kuyanika mtedza bwino kuti usagwidwe ndi chuku. Zinandikhudza mtima, chifukwa amayi anga ku Kasungu anabwezedwapo matumba awiri pamsika pa vuto lomweli.

Ndimaliza maphunziro chaka chino, ndipo ndingakondwe kudzaphunzira ntchito pakampani panu. Ndaphatikiza mbiri ya maphunziro anga monga munandilangizira.

Ine wanu,
Wophunzira wochokera ku Kasungu