Mpweya wa pa Chitunda cha Manda

Mpope wa pasukulu unauma Lachiwiri. Wa pamsika sunaume, koma unkadontha ngati denga laudzu: ndowa ya malita 20 inkadzaza patatha mphindi 25, ndipo amayi ankandandika zigubu kuyambira tambala woyamba. Unali mwezi wa Okutobala, phiri la Mulanje litabisika mu utsi wa lupsa. Pofika Lachisanu, m'mudzi monse munali nkhani imodzi yokha, yoti anthu a kumtunda aboola paipi kuti azithirira tomato.

A Mwadala, mmisiri wa mapaipi a madzi, anafika panjinga cha m'ma 6 koloko m'mawa, ndi mwana wa mlongo wawo Limbani atanyamula chikwama cha zipangizo. Munali masipanala awiri a mapaipi, geji yoyezera mphamvu ya madzi, tepi yoyera yomanga m'mazinga, mpeni, ndi pepala lakalekale lachikasu losonyeza mmene paipi inayendera pansi.

"Bambo, mungotiperekeza kumtundako tikawagwire," anatero mayi Nachuma, wapampando wa komiti ya mpope.

"Mayi, tiyambe taona thanki. Wakuba tikamupeza sathawa ndi dimba lake."

Thanki ili pakaphiri, mtunda wa makilomita 3 kuchokera pasukulu. Asanafike n'komwe anamva madzi akukhuthuka. Paipi yotayira madzi osefukira inali kulavula, ndipo pansi pake panamera udzu wobiriwira. A Mwadala anatchera ndowa pa paipi yolowetsa madzi, Limbani akuwerenga pafoni: masekondi 10. Ndiye kuti malita 2 pa sekondi, okwanira mipope yonse isanu ndi inayi ya nthambi imeneyi. Anasuzumira mkati. Sefa ya potulukira inali yoyera, yopanda masamba kapena chule wakufa. Valavu yotulutsira madzi anaizunguliza mpaka kumapeto, n'kupeza kuti inali yotsekuka kale yonse.

"Mwaona mayi? Akanaboola paipi, kapena ikanaphulika, thanki ikanaphwa. Iyi ikusefukira. Madzi alipo, koma akukana kupita."

Kenako anafunsa funso limene palibe analiganizira: kodi thanki inaphwapo posachedwa? Mlonda wa pathanki anavomera. Lamlungu lapitalo anaitsuka, anachotsa matope onse, ndipo m'mene ankatsuka paipi ya kumudzi inakhuthuka yonse chifukwa anthu ankatungabe. Itadzaza madzulo, anatsekula valavu kamodzin'kamodzi kuti anthu asagone ndi ludzu.

A Mwadala sananene kanthu. Anapinda pepala lawo n'kuyamba kutsika motsatira paipi.

Paipi yake ndi yapulasitiki, ya mamilimita 63, yokwiriridwa pafupifupi mita imodzi. Kuchoka pathanki imatsetsereka kukafika kudambo, mamita 30 kunsi kwa thanki. Kenako imakwera chitunda cha manda, chimene nsonga yake yatsala mamita 6 okha kuti ifanane ndi thanki. Ikadutsa pamenepo imatsikanso mamita 25 kukafika pamlatho, n'kukweranso kulowa m'mudzi, kumene mpope wa pasukulu uli mamita 18 kunsi kwa thanki. Anayenda pang'onopang'ono akuyang'ana pansi. M'chilimwe paipi yotayikira siibisala: dothi limada, udzu umaphuka, nyerere zimasamuka. Njira yonse inali fumbi lokhalokha. Madimba a tomato anawapeza, koma eni ake ankatunga m'zitsime za kudambo ndi makeni.

Kudambo kuli valavu yotsukira paipi. Ataitsekula, madzi anatumphuka mwamphamvu, ofiira kwa masekondi ochepa kenako oyera. Anaitseka pang'onopang'ono. Kuchokera pathanki kufika apa, paipi inalibe vuto.

Pamlatho, kuseri kwa chitunda, pali mpope wina. A Mwadala anatuma Limbani panjinga kuti akauze anthu atseke mipope yonse, ngakhale wodontha uja, kwa theka la ola. Anamasula mpope wa pamlathowo n'kumangapo geji. Asanamange, paipi inatsokomola, kulavula madzi oyera ngati mkaka, kenako phuu, kenako madzi pang'ono. Anatunga m'kapu n'kuiika pamwala. Kuyera kuja kunayamba kutha kuchokera pansi kupita pamwamba, mpaka madzi anangoti mbee.

Limbani atabwerako anapeza amalume ake atakhala chete, akuyang'ana muvi wa geji.

"Ukuwerenga bwanji?"

"1.2, amalume."

"Apa tili mamita 31 kunsi kwa thanki. Mamita 10 alionse amapereka mphamvu ya ba imodzi pa geji. Tikanayenera kuona chiyani?"

"3.1."

"Ndiye mamita 19 apita kuti?"

Limbani anati mwina mwalowa mwala, kapena mizu. A Mwadala anapukusa mutu. Chotseka paipi ngati mwala chimachepetsa madzi pamene akuyenda, anamufotokozera, koma ukatseka mipope yonse n'kudikira, madzi amapyola pang'onopang'ono mpaka muvi umakwera kufika pake. Uwu unali utaima pa 1.2 kwa mphindi 20, osasuntha. Chimene chimadya mphamvu ya madzi ngakhale madziwo ataima n'chimodzi chokha.

Anathyola kamtengo n'kujambula pansi mzere wokwera ndi kutsika. Paipi ikakhuthuka imadzaza mpweya. Ukatsekula valavu mwamphamvu, madzi amathamangira kudambo, amakwera chitunda, n'kuyenderera pansi pa paipi kutsikira kuno kumlatho, kumene amadzaza chigwa n'kutseka njira. Mpweya umene unali pamtsetse watsekeredwa: kumbuyo madzi, kutsogolo madzi. Sungatsike chifukwa ndi wopepuka, sungabwerere chifukwa madzi a kuthanki akuukankha. Tsono madzi amakwera kusukulu chifukwa cha kulemera kwa madzi amene ali pamtsetsewo. Pamene pali mpweya palibe kulemera. Mamita 19 a mtsetse anali mpweya, choncho madzi ankakwera mamita 12 okha kuchoka pamlatho, pamene mpope wa pasukulu ukufuna 13.

"Mita imodzi yokha?" anadabwa mayi Nachuma.

"Imodzi yokha mayi. Madzi anu ali pansi pa bwalo la sukulu, angolephera kutulutsa mutu."

Pepala lija linkasonyeza kuti pansonga pa chitunda pali valavu ya mpweya. Koma pamalopo panalibe chooneka, koma chulu ndi zitsamba za minga m'mphepete mwa manda. Anatuma mwana kwa amfumu kukapempha chilolezo, poti pafupi ndi manda sipakumbidwa mwachisawawa. Amfumu anabwera okha ndi nduna yawo, n'kuloza ndi ndodo pamene ankakumbukira kuti panali chivundikiro cha simenti. Makasu atatu anagwira ntchito kwa ola lathunthu. Chiswe chinali chitadzaza kabokosi ka njerwa mpaka pakamwa.

Valavu inatuluka: kachitsulo konga kamphika, ka mamilimita 25, kokhala pa kapaipi koima kochokera pamsana pa paipi yaikulu. Pansi pake panali kavalavu kotsekera, ndipo kanali kotseka, chogwirira chake chitamangidwa ndi waya.

Agogo ena aamuna amene amalima pafupi anayandikira, chipewa chili m'manja. "Ndine ndinamanga, bambo. Zaka zitatu zapitazo. Kankangotaya madzi usana ndi usiku, mbuzi n'kumapondaponda pamanda. Ndinkati ndikuthandiza."

"Simunalakwitse kuona kuti kakutaya, agogo. Kakamataya ndiye kuti kadwala. Mukanangotituma mwana."

Kwa zaka zitatuzo paipi sinakhuthukepo yonse, ndiye vutolo linagona. Kutsuka thanki ndiko kunalidzutsa.

A Mwadala anatuma Limbani kuthanki kuti akabweze valavu yaikulu, isiyidwe yotsekuka gawo limodzi mwa magawo anayi. Mpweya ukamatuluka mofulumira, madzi a mbali ziwiri amathamangirana n'kuwombana, ndipo kugunda kumeneko kumang'amba paipi yapulasitiki kapena kuzula polumikizira. Foni italira kuti zatheka, anagwira kapaipi ndi sipanala imodzi kuti kasapotoke, ndi inayo n'kumasula kamphika kaja. Anadula waya, anauza anthu kuti aime kumbali, n'kutsekula kavalavu pang'ono chabe.

Kunamveka mluzu wakuthwa moti ana anathawira kuseri kwa amayi awo. Fumbi la chulu linauluka. Paipi ya kukula kotere imasunga malita awiri ndi theka pa mita iliyonse, ndipo mpweyawo unali utatenga mamita pafupifupi 300 m'litali mwa mtsetse. Unalira kupitirira mphindi 10. Kenako unayamba kulavula thovu, kuleka, kuliranso, kulavulanso. A Mwadala sanafulumire kutseka. Anadikira mpaka madzi anaima mowongoka, osadukiza, kwa mphindi ziwiri zathunthu.

Ali chidikirire anaphwasula kamphikako pansalu. Mkati muli kampira koyandama: mpweya ukadzaza, kampirako kamagwa pansi n'kutsekula kabowo ka pamwamba, madzi akafika kamayandama n'kutsekanso. Kampira kanali kabwino, kongokutidwa ndi matope ouma. Labala yapakabowo ndiyo inali itang'ambika, n'chifukwa chake kankataya. Anatsuka zonse, anatokosa kabowo ndi kawaya kofewa, n'kusema labala ina kuchokera ku chubu chakale cha galimoto. Anauza mayi Nachuma kuti yachubuyo ndi yongogwirizira, komiti igule yeniyeni mvula isanayambe. Anazunguliza tepi kasanu ndi katatu motsatira kumene mazinga akulowera, anamanga ndi manja, n'kulimbitsa pang'ono ndi sipanala. Atatsekula kavalavu, kamphika kanapuma kamodzi, psii, n'kukhala chete, kouma.

Atatero anaimbira Limbani kuti azitsekula valavu ya pathanki kuzunguliza kamodzi pa mphindi ziwiri zilizonse mpaka ithe. Pamlatho geji inaonetsa 3.0. Anabwezera mpope uja, n'kumatsekula ina umodziumodzi kuyambira wa kunsi kupita kumtunda, uliwonse kuusiya mpaka utaleka kutsokomola.

Wa pasukulu unali womaliza. Unalira, unalavula dzimbiri, kenako madzi anagwa pasimenti yotentha. Limbani, atabwerera ali wefuwefu, anatchera ndowa: sekondi 100.

Amayi atayamba kukankhana ndi zigubu, a Mwadala anaitana mlonda wa pathanki ndi mayi Nachuma pansi pa mtengo wa mango. Anawauza kuti tsiku lotsuka thanki aziyamba atseka valavu yotulutsira madzi kuti paipi ikhale yodzaza, ndipo ikakhuthuka, podzaza azitsekula pang'ono, munthu wina ataima pachitunda kumvetsera ngati valavu ikupuma. Kabokosi kafunika njerwa 40, thumba limodzi la simenti, chivundikiro chokhoma, ndi miyala pansi kuti madzi asamaime. Kamodzi pamwezi wina azikavundukula n'kuchotsa chiswe.

"Ameneyo ndikhale ine," anatero agogo aja, amene anawatsatira kuchokera kumanda. Waya uja anali akadali nawo m'manja.

Mayi Nachuma analemba dzina lawo m'kope la komiti, kenako anafunsa nduna ya amfumu kuti ndani apite kumtunda kukapepesa eni tomato.