Zimene mgwirizano wa layisensi ya pulogalamu yathu ukunena

Kwa inu eni mashopu mu Mzuzu amene mukugwiritsa ntchito pulogalamu yathu yolembera sitoko ndi malonda,

Mgwirizano umene munavomereza podina "I Agree" tsiku loyika pulogalamu uli m'Chingerezi cha maloya. Nazi mfundo zake.

K45,000 imene mumalipira pamwezi si yogulira pulogalamu ayi. Ndi ya chilolezo choigwiritsa ntchito, ngati lendi ya shopu: mumagulitsiramo, koma nyumba ili ndi mwini wake. Pulogalamu ndi yathu, ndipo lamulo la dziko lino la 2016 loteteza umwini wa ntchito zaluso limakhudzanso mapulogalamu a kompyuta. Koma zimene mwalembamo, mitengo, ngongole, mayina a makasitomala, zimenezo ndi zanu.

Layisensi imodzi ndi ya shopu imodzi, pa makompyuta osaposa awiri. Antchito anu angathe kuigwiritsa ntchito, aliyense ndi pasiwedi yake. Sindikizani malisiti ndi malipoti mmene mungafunire. Mukatsegula shopu ina ku Luwinga kapena ku Ekwendeni, imeneyo ifuna layisensi yakeyake. Kompyuta ikapsa kapena ikabedwa, tiuzeni tikusamutsireni pa ina, mwaulere.

Simukuloledwa kukopera pulogalamu pa fulashi n'kupatsa mnzanu, ngakhale ali m'bale wanu, kapena kuigulitsa ndi kuibwereketsa. Musalole okonza makompyuta kuithyola kuti izigwira osalipira. Ena amabweza deti la kompyuta m'mbuyo kuti mwezi usathe. Seva yathu imaona zimenezi, ndipo amene amavutika ndi inu nomwe, chifukwa malipoti amasokonekera. Tikapeza zotere tili ndi ufulu wothetsa mgwirizano nthawi yomweyo, popanda kubweza ndalama.

Mukafuna kusiya, tilembereni kutatsala masiku 30. Sitikufunsani chifukwa. Mukangochedwa kulipira, timadikira masiku 14 tisanatseke.

Mgwirizano ukatha, simungathenso kulemba malonda atsopano kapena kutulutsa lisiti. Kwa masiku 60 pulogalamu imatsegukabe kuti muone zakale. Apa chonde musazengereze: dinani "Export", musunge zonse ngati fayilo ya CSV, imene imatseguka mu Excel. Mudzazifuna tsiku limene a MRA adzafunse mabuku anu, kapenanso potsata amene ali nanu ngongole. Masikuwo akadutsa timafufuta zonse pa seva yathu, ndipo sizibwereranso. Mayina ndi manambala a foni a makasitomala anu sitingawasunge popanda chifukwa. Lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu likutikhudza nafenso. Inunso muchotse pulogalamuyo pa makompyuta anu.

Ndalama ya mwezi umene wayamba kale sitibweza. Amene analipira chaka chonse timawabwezera ya miyezi yathunthu yotsala, kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena ku banki. Ngongole imene munali nayo kwa ife siyitha chifukwa mwasiya.

Pakakhala kusamvana, tiyambe takhala pansi. Zikakanika, nkhani idzaweruzidwa potsata malamulo a Malawi.

Ndife anu,
Eni pulogalamu, ku Katoto