Kwa makasitomala athu: esipureso si khofi wokazinga mpaka kuda

Ambiri mukabwera kudzagula khofi wopita naye kunyumba mumati, "Tipatseni wakuda kwambiri uja, wa esipureso." Timakupatsani ndithu, koma lero tiloleni tilongosole, chifukwa ena mukusiya khofi wabwino pashelefu.

Esipureso ndi kafululidwe. Nsima si mtundu wa chimanga, ndi kaphikidwe, ndipo ufa womwewo ukhoza kukhala phala. Khofi wa ku Misuku, ku Phoka kapena ku Viphya, kaya wakazingidwa pang'ono kaya mpaka kuda, atha kutulutsa esipureso bola adutse m'makina oyenera. Paketi ikalembedwa kuti ndi ya esipureso, wokazingayo akungonena kuti khofiyo, m'kuona kwake, amakoma akafululidwa motero. Okazinga ambiri amamukazinga mpaka kuda chifukwa khofi wakuda sawawasa, sachedwa kusungunuka, ndiponso samira mumkaka.

Nachi chimene chimachitika mukaitanitsa kapu pano. Timagaya magalamu 18 nthawi yomweyo, mosalala kuposa shuga koma osafika pa ufa woyera. Timamuthira m'kasefa kachitsulo, n'kumusalaza ndi kumutsindira kuti pasakhale mng'alu, poti madzi akapeza njira yachidule amadutsa pomwepo n'kusiya khofi winayo wosakhudzidwa. Kenako pampu imakankha madzi a madigiri pafupifupi 93, osawira, ndi mphamvu ya mabaa 9, kutanthauza pafupifupi kasanu n'kanayi kupanikiza kwa mpweya watizungulirawu. Poyamba amadontha wakuda bii, kenako amayenderera ngati kaulusi kofiirira. M'masekondi 25 mpaka 30 m'kapu mumakhala magalamu 36, ndipo timazimitsa.

Akathamanga n'kudzaza m'masekondi 15 amawawasa, ndiye kuti tagaya mokhakhala. Akamadontha mpaka masekondi 45 amawawa kukhosi, tasalalitsa kwambiri. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse, makamaka kukachita chifunga cha kuno ku Mzuzu, mumationa tikusintha chigayo ndi kutaya makapu oyamba.

Thovu lofiirira la pamwambalo ndi mpweya wotsalira m'njere pokazinga, umene mphamvu ya madzi yaufinyira pamodzi ndi mafuta a khofi. Makina oyambirira a ku Italy, monga a Luigi Bezzera a mu 1901, ankadalira nthunzi ndipo mphamvu yake inali yochepa. Thovu lotere linadza ndi makina a Achille Gaggia a m'ma 1940, okhala ndi chogwirira chokokera pansi. Kaketulo ka moka kapambaula nako sikafika ngakhale pafupi ndi mabaa 9. Khofi wake ndi wamphamvu, wokoma, koma ndi chakumwa china.

Ife zimatipweteka khofi wa mtundu wa Geisha, amene mlimi anathyola chipatso chimodzichimodzi chakupsa, akawotchedwa mpaka fungo lake la maluwa kutheratu. Loweruka lino kuyambira 9 koloko m'mawa tidzafulula esipureso iwiri ya khofi wa munda umodzi, wina wokazinga pang'ono, wina wakuda. Kulawa n'kwaulere, bwerani musanathire shuga.