Phunziro 6 la Chisipanishi: Kusankha pakati pa ser ndi estar

Pa ntchito imene munalemba Lachiwiri, ophunzira ambiri munalakwitsa chiganizo chachinayi, chija chonena kuti ukwati uli kutchalitchi, choncho phunziro la lero likubwereranso pa aneni awiri aja, ser ndi estar. Musade nkhawa, chifukwa Chichewa chathu chimasiyanitsa kale zinthu zimenezi: timati "Bambo anga ndi mphunzitsi", koma "Bambo anga ali ku Zomba". Mu nthawi yatsopano, pamene ife timanena "ndi", kawirikawiri Chisipanishi chimafuna ser, ndipo pamene timanena "ali" kapena "chili", chimafuna estar.

Ser amatchula chimene munthu kapena chinthu chili, monga mtundu, ntchito, kwawo ndi khalidwe: Soy estudiante (ndine wophunzira), Ella es de Sevilla (kwawo ndi ku Sevilla). Tsiku ndi ola nazonso zimatenga ser: Hoy es martes, Son las tres. Estar, amene anachokera ku mawu a Chilatini akuti stare, kutanthauza kuimirira, amanena malo amene chinthu chili komanso mmene chilili pa nthawiyo: Estoy cansado (ndatopa), La puerta está abierta (chitseko chili chotsegula).

Lamulo limene ena munaloweza, loti ser ndi wa zokhalitsa pamene estar ndi wa zosakhalitsa, ine sindilikonda, popeza limasokeretsa. Mzinda wa Madrid susuntha, komabe timati Madrid está en España; womwalira sadzuka mawa, komabe timati está muerto. Funso loyenera kudzifunsa n'lakuti, kodi ndikutchula chimene chinthucho chili, kapena ndikufotokoza mmene chakhalira? N'chifukwa chake mfotokozi mmodzi amasintha tanthauzo malinga ndi mneni. Es listo ndi wochenjera, está listo wakonzeka. Es aburrido ndi wotopetsa, está aburrido wasowa chomusangalatsa. Mukauza mayi amene akuphikirani kuti La sopa está rica, mwayamikira kukoma kwa msuzi wa tsiku limenelo.

Tsopano tibwere pa chiganizo chachinayi chija, pamene Chichewa chimatiterereza. Ife timati "Ukwati uli kutchalitchi", ndiye dzanja limathamangira kulemba está. Koma ukwati, msonkhano, phwando ndi mayeso si zinthu zoikidwa pamalo, ndi zochitika, ndipo malo a chochitika amatenga ser: La boda es en la iglesia. Yesani kuikapo mawu akuti "uchitikira". Akakwanapo, lembani ser. Yerekezani La cena es en el patio, kunena kuti mwambo wa mgonero uchitikira pabwalo, ndi La cena está en la mesa, kunena kuti chakudya chenichenicho chili patebulo.

Pofika Lachisanu, aliyense alembe ziganizo 8 zoitanira mnzake ku phwando, zotchula tsiku, ola, malo ochitikira phwandolo ndi kumene nyumba yanu ili, ndipo adule mzere kunsi kwa mneni aliyense.